Kodi mumadziwa? Mphezi ya m'bolodi la magetsi ndi sitika ya pachitseko chake

Kodi mumadziwa kuti magetsi angathe kumuwotcha munthu amene sanakhudze waya? Ambiri tinakula tikuopa shoko, ndipo tinaphunzira kuti usagwire waya wosenda. Koma m'bolodi lalikulu, bokosi lachitsulo lija lomwe limalandira magetsi kuchokera pa thiransifoma n'kuwagawira kuchigayo, kuchipatala kapena kufakitale ya khofi, muli ngozi ina. Sipanala ikagwera pa timipiringidzo ta kopa tomwe amisiri amati mabasiba, kapena khoswe akalumikiza mafezi awiri ndi thupi lake, magetsi amadumpha mumpweya. Mpweyawo umasanduka njira ya moto, ndipo motowo suzima wokha msanga chifukwa thiransifoma ikupitirirabe kuupatsa mphamvu. Akatswiri amati aki fulashi. Ine ndimati ndi mphezi ya m'bokosi, chifukwa amene anaionapo amaifotokoza choncho: kung'anima, kuphulika, kenako utsi ndi fungo la chitsulo chopsa.

Kodi mumadziwa kuti pakati pa moto umenewu pamatentha kuposa pamwamba pa dzuwa? Pamwamba pa dzuwa ndi madigiri pafupifupi 5,500. Pamene akiyo yagwira chitsulo pangafike madigiri 19,000. Kopa sangosungunuka ayi, amasanduka nthunzi, ndipo potero amafufuma kuwirikiza ka 67,000. N'chifukwa chake chitseko cha bolodi chimakankhidwa ngati chapondedwa ndi ng'ombe, ndipo timadontho ta chitsulo chosungunuka timamwazikira kumaso kwa amene waima kutsogolo. Injiniya wa ku America, Ralph Lee, ndiye analemba nkhaniyi momveka mu 1982, n'kuonetsa kuti kupsa kotereku kungawerengedwe ndi masamu ngozi isanachitike.

Kodi mumadziwa kuti pali nambala imodzi yomwe nkhani yonseyi yatsamirapo? Nambalayo ndi 1.2. Kutentha kofika pakhungu kumayezedwa m'makalori pa sentimita imodzi mbali zonse, ndipo amalemba cal/cm². Khungu likalandira makalori 1.2 mwadzidzidzi limayamba kutuluka matuza. Malire amenewa anachokera pa kafukufuku wa kupsa kwa khungu yemwe Alice Stoll ndi Maria Chianta anachita m'zaka za m'ma 1960. Choncho injiniya akamati wabwera kudzachita kafukufuku wa aki fulashi pa bolodi lanu, akufunafuna mayankho awiri basi. Loyamba: mmisiri ataima kutsogolo kwa bolodili, nkhope ndi chifuwa chake zingalandire makalori angati? Lachiwiri: munthu wosavala zodzitetezera ayime patali bwanji kuti kutentha komufikira kusapose 1.2? Njira yowerengera ili m'buku la IEEE 1584, lomwe linatuluka mu 2002 n'kukonzedwanso mu 2018. Zoyenera kulembedwa pa sitika zili m'buku lina, NFPA 70E. Onsewa ndi a ku America, koma moto suona malire a dziko, ndipo kwathu kuno lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito la 1997 limaika udindo woteteza wantchito m'manja mwa womulemba ntchito.

Kodi mumadziwa kuti magetsi ofooka a ku Chitipa angawotche kuposa magetsi amphamvu a ku Blantyre? Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa amisiri ambiri aluso ndithu amaganiza mosiyana. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kumpoto kuli siteshoni yaing'ono ya Wovwe ku Karonga. Chitipa ili kumathero kwenikweni kwa mawaya, makilomita pafupifupi 100 kukwera mapiri kuchokera ku Karonga, ndipo Kameme ndi Nthalire zili patsogolo pakenso. Waya wautali umachepetsa maampu amene angathamangire pamalo pamene pachitika shoti. Munthu n'kuganiza kuti maampu ochepa ndiye moto wochepa. Koma kupsa kumadalira zinthu ziwiri: ukulu wa motowo, ndi nthawi imene wakhala ukuyaka. Chimene chimauzimitsa ndi buleka, ndipo buleka imadumpha msanga pokhapokha maampu apitirire pamene inatcheredwa. Akachepera pang'ono, imadikira.

Tiyerekeze fakitale yogaya chimanga pa boma la Chitipa. Manambala otsatirawa ndi a chitsanzo, koma ndi ofanana ndi amene mmisiri amakumana nawo. Thiransifoma ndi ya 315 kVA, yotulutsa mavoloti 400 pa mafezi atatu, ndipo pa kachitsulo kake kolembapo pali nambala ya impidansi, 4%. Nambala imeneyi imatiuza mmene thiransifomayo imatsekerezera maampu a shoti.

```
I   = 315000 / (1.732 × 400) ≈ 455 A
Isc = 455 / 0.04 ≈ 11400 A
```

Mzere woyamba ndi maampu amene thiransifoma imapereka ikadzaza ntchito. Wachiwiri ndi maampu a shoti ngati kumbuyo kwake kuli gwero lamphamvu zedi, monga pafupi ndi sabusiteshoni yaikulu ya mumzinda. Koma aki si shoti yomangidwa ndi bawuti. Mpweya woyakawo umatsekereza maampu ena, ndipo pa mavoloti 400 umadya gawo lalikulu. Ndikugwiritsa ntchito masamu a 2002 chifukwa amatheka ndi kakyuleta ya m'manja. A 2018 ndi amene injiniya ayenera kugwiritsa lero, ndipo manambala ake amasiyanako, koma phunziro lake ndi lomweli. Pa maampu 11,400 a shoti, mu aki mumadutsa pafupifupi 6,200.

Tsopano buleka yoteteza bolodili ndi ya maampu 500, ili m'bokosi lakelake pafupi ndi thiransifoma, ndipo kanobu kake kodumphira nthawi yomweyo kanasiyidwa pa 10. Ndiye kuti imadumpha mosadikira maampu akafika 5,000. Aki ya 6,200 yapitirira pamenepo, buleka yadula pa masekondi 0.05, ndipo mmisiri woima masentimita 61 kuchokera pa motowo walandira makalori 0.6. Adzidzimuka, maso achita chidima kwa kanthawi, koma khungu la pachifuwa lapulumuka.

Bolodi lomweli tilinyamule tipite nalo kumathero kwa laini. Titaphatikiza kutalika kwa waya wa ESCOM ndi chingwe chochokera pa thiransifoma, tinene kuti maampu a shoti atsika kufika pa 8,000. Mu aki tsopano mukudutsa 4,700 okha. Moto ndi wocheperapo ndithu, koma 4,700 sanafike pa 5,000. Buleka ikuona ngati mamota angolemedwa ndi ntchito, ndiye ikudikira kuti kachitsulo kake kam'kati katenthe, ndipo zimenezi zimatenga masekondi. Buku limalola kuwerengera masekondi awiri, poganiza kuti munthu wamoyo akhala atathawa kapena ataponyedwa kutali. Pa masekondi awiriwo makalori afika 18.5. Bolodi lomwelo, buleka yomweyo, mmisiri yemweyo, koma kutentha kwawirikiza ka 30. Malire a 1.2 aja asunthira pa mamita 3.9, kutanthauza kuti ngakhale wothandizira amene wagwira tochi pakhomo ali m'kati mwa ngozi.

Masekondi awiriwo musawatenge ngati chilolezo. Ndaonapo zipinda za magetsi zomwe bolodi lili pakona, kumbuyo kwa mmisiri kuli matumba a chimanga kapena madiramu a dizilo, chitseko n'chotsegukira m'kati. Munthu wogwada m'malo otero sathawa pa masekondi awiri, ndipo injiniya woona mtima sangalembe kuti athawa.

Kodi mumadziwa kuti nthawi zina mankhwala ake ndi kungotembenuza kanobu? Pa chitsanzo chathuchi, kanobu kaja kakatsitsidwa kuchoka pa 10 kufika pa 6, buleka idzadumpha pa maampu 3,000. Aki ya 4,700 yagwidwa nthawi yomweyo, ndipo makalori atsika kuchoka pa 18.5 kufika pa 0.5. Malire abwerera pa masentimita 32. Masamu a 2002 amalamula kuyesanso ndi maampu a aki ochepetsedwa kufika pa 85%, chifukwa aki siyaka mofanana nthawi zonse. Apa ndi pafupifupi 4,000, ndipo akadali pamwamba pa 3,000, choncho yankho laima.

Koma kanobuko sikatembenuzidwa mwachisawawa. Mota yaikulu ya chigayo ikamadzuka molunjika imakoka maampu kuwirikiza kasanu ndi kamodzi kapena kuposa, ndipo ngati mwatsitsa kwambiri, buleka yaikulu izidumpha m'mawa uliwonse poyatsa makina. Chotsatira chake tikuchidziwa: wina amatopa nazo, amakweza kanobu mpaka kumathero, kapena amamanga fyuzi ndi waya wokhuthala, ndipo sauza munthu. Pamenepo sitika ya pachitseko yayamba kunama. Vuto lina n'lakuti shoti yaing'ono pa nthambi imodzi ingagwetse bolodi lonse buleka ya nthambiyo isanadule, chinthu chomwe kuchipatala sichingaloledwe. N'chifukwa chake injiniya amaika mizere ya nthawi ya mabuleka onse pa pepala limodzi, n'kusankha pamene pali pamwamba pa kudzuka kwa mota koma pansi pa maampu a aki.

Kodi mumadziwa kuti buleka yaikulu singazimitse moto woyaka kumutu kwake? Ichi chimaphonyedwa kawirikawiri. Ngati buleka yaikulu ili m'bolodi momwemo, mawaya ochokera pa thiransifoma amafikira pamwamba pake ali amoyo ngakhale mwaizimitsa. Aki ikayambira pamenepo, kapena ikayamba pa mabasiba n'kudumphira kumeneko, bulekayo ilibe chochita. Chotsala ndi mafyuzi a pa thiransifoma, ndipo ngati ndi a kumbali ya laini yaikulu okha, amachedwa kwambiri chifukwa maampu zikwi zingapo a kumbali ya 400 amaoneka ochepa kumbali ya 33,000. Choncho pokhapokha buleka yaikulu ili m'chipinda chake chotchingidwa ndi chitsulo, nambala ya pa sitika iwerengedwe ndi chotetezera cha kumtunda, osati buleka ya m'bolodiyo. Ndi chifukwa chake m'chitsanzo chija ndinaiika m'bokosi lakelake.

Kodi mumadziwa kuti magetsi akazima n'kuyatsa jenereta, bolodi limasanduka lina? Jenereta ya 200 kVA imapereka maampu 289 ikadzaza. Pa shoti imaponya maampu ochuluka kwa kamphindi, kenako amatsika msanga, ndipo zabwinozabwino zimagwira pa kuwirikiza katatu, pafupifupi maampu 870. Buleka yotcheredwa pa 3,000 siwaona n'komwe. Nthawi zina aki yotere imazima yokha, koma palibe amene angalonjeze. Ndiye kafukufuku amachitidwa kawiri, pa ESCOM ndi pa jenereta, poyang'ananso buleka ya jeneretayo, ndipo pa sitika pamalembedwa nambala yoipa kwambiri mwa ziwirizo. Mainiveta a sola nawonso amapereka maampu a shoti ongopitirira pang'ono mphamvu yawo. Mbali ya mabatire ndi mapanelo ndi nkhani ina, chifukwa IEEE 1584 ndi ya magetsi a mafezi atatu, kuyambira mavoloti 208 kufika 15,000.

Kodi mumadziwa kuti theka la ntchitoyi limachitika ndi kope ndi tepi, osati pa kompyuta? Injiniya amene wakutumizirani masitika asanapondepo pamalo panu wakugulitsani mapepala. Ayenera kukopera za pa kachitsulo ka thiransifoma, kuyeza kutalika ndi kukhuthala kwa chingwe, kulemba mtundu weniweni wa buleka ndi pamene manobu ake ali lero, osati pamene pulani ikunena. Ayenera kupempha ku ESCOM mphamvu ya shoti pamalopo, yaikulu ndi yaing'ono yomwe, chifukwa monga taonera, yaing'onoyo ndi imene imaluma. Magetsi atazimitsidwa, amayeza mpata wa pakati pa mabasiba ndi kukula kwa bokosi. Buku la 2018 linawonjezera funso lina: mabasiba aloza kuti? Oloza pansi amaponyera moto pansi pa bokosi. Oloza kuchitseko amauponyera molunjika pachifuwa cha munthu, ndipo makalori ake amakwera kwambiri.

Pali chimodzi chomwe masamu sangachione. Nthawi ya masekondi 0.05 ija ndi ya buleka yathanzi. Buleka yomwe yakhala zaka khumi m'fumbi la ufa, osagwedezedwa, mafuta ake atauma, ingachedwe kapena kukana kudumpha. Zizindikiro zake zimaoneka: pulasitiki yasintha mtundu pafupi ndi bawuti, fungo la kupsa, kulira kwa "zzz" m'bolodi, chogwirira cholimba, mabowo a zingwe osatsekedwa momwe mumalowa makoswe ndi abuluzi. Bolodi lotero lisatsegulidwe lili lamoyo, kaya sitika ikuti chiyani.

Kodi mumadziwa kuti ethi likeji singakutetezeni ku moto umenewu? Imayang'ana maampu othawira pansi. Aki ya pakati pa fezi ndi fezi inzake, isanakhudze bokosi, siiona.

Kodi mumadziwa kuti sitika yabwino imakhala ndi mawu ochepa? NFPA 70E imafuna zinthu zitatu: mavoloti a bolodilo, malire a ngozi, ndi chidziwitso chosankhira zovala. Bolodi lathu lija, kanobu kasanatsitsidwe, sitika yake ingalembedwe motere:

CHENJEZO: MOTO WA MAGETSI NDI SHOKO
Bolodi lalikulu, mavoloti 400
Kutentha: 18.5 cal/cm² pa masentimita 61
Malire a ngozi: mamita 3.9
Chotetezera: buleka ya pa thiransifoma, 500 A, kanobu pa 10

Pansi pake pakhale tsiku la kafukufukuyo. Mzere wa chotetezera buku silikakamiza, koma ine sindingausiye, chifukwa ndi umene umathandiza mmisiri wobwera chaka chamawa kuona kuti kanobu kasunthidwa ndipo nambalayo yafa. Makalori asalembedwe opanda mtunda wake, popeza 18.5 pa masentimita 61 ndi ochuluka kwambiri pa masentimita 30, ndipo manja amakhala pafupi kuposa chifuwa. Bukulo lilinso ndi matebulo oika zovala m'magulu anayi, a makalori 4, 8, 25 ndi 40, koma limaletsa kulemba gulu la m'tebulo pamodzi ndi makalori owerengedwa pa sitika imodzi. Ndi njira ziwiri zosiyana, ndipo mumasankha imodzi. Mukawerengera, lamulo lake n'losavuta: nambala yosokeredwa pa chovala ikhale yofanana kapena yoposa ya pa sitika.

Sitikayo imatidwe kunja kwa chitseko, pamene munthu aiwerenga asanatsegule, ndipo ikhale yosafufuta ndi dzuwa kapena mafuta. Bolodi la zitseko zingapo, chitseko cha mawaya olowera chikhale ndi yakeyake ngati nambala yake ndi yosiyana. Ku Chitipa kuli nkhani inanso. M'boma limodzili mumayankhulidwa Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha, Chitumbuka ndi zinenero zina zambiri, ndipo wothandizira mmisiri kapena mlonda wotumidwa usiku kukadzutsa buleka sangathe kudalira Chingerezi cha pa sitika yogula kunja. Chithunzi cha moto chikhalepo, manambala akhale aakulu, ndipo mawu a chenjezo alembedwe m'chinenero cha anthu ogwira ntchito pamalopo. Malire a mamita 3.9 ajambulidwenso pansi ndi penti yachikasu, chifukwa mzere wa pasimenti aliyense amauwerenga.

Kodi mumadziwa kuti jekete ya nayiloni ya pa kaunjika imamatirira pakhungu? M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, kumapiri a Misuku munthu sangagwire ntchito m'mawa wopanda chofunda, ndipo zambiri zimene timagula ndi za poliyesita ndi nayiloni. Nsalu zimenezi zikapsa zimasungunuka n'kulowerera m'bala. Kavesiti konyezimira kaja nakonso n'chimodzimodzi. Thonje silisungunuka, koma limayaka, choncho ovolosi wamba si chovala cha aki. Pa makalori 18.5 pafunika suti yoyesedwa pa moto wotere, yokhala ndi chovala kumutu chophimba nkhope yonse, magolovesi a labala okutidwa ndi achikopa, magalasi ndi zotseka m'makutu. Suti yotero ndi yodula ndipo siipezeka m'sitolo za pa boma, chomwe chili chifukwa china chotsitsira makaloriwo pa buleka musanaganize zogula zovala.

Kodi mumadziwa kuti ngakhale mwazimitsa magetsi, mphindi yoyeza ija mumavala ngati alipo? Ntchito ya m'bolodi lalikulu iyenera kuchitika litazimitsidwa: kudula mbali ya ESCOM, ya jenereta ndi ya sola, kukhoma loko yanuyanu pa chogwirira, makiyi m'thumba. Koma mpaka mita itatsimikiza kuti mulibe kanthu, bolodilo limawerengedwa lamoyo. Mitayo muyambe mwaiyesa pa soketi yomwe mukudziwa kuti ili ndi magetsi, kenako yezani fezi ndi fezi, fezi ndi nyutulo, fezi ndi ethi, n'kubwerera kukaiyesanso pa soketi ija. Mita yotchipa yoiwalidwa pa malo oyezera maampu, ikagunditsidwa pa mabasiba awiri, ndiyo imayambitsa motowo.

Kodi mumadziwa kuti sitika imakalamba? NFPA 70E imati kafukufuku aunikidwenso zaka zisanu zisanathe, komanso nthawi iliyonse pakasintha chinthu chachikulu. Thiransifoma ya 315 ikapsa ndi mphezi ya dzinja n'kuikapo ya 200 yomwe inapezeka msanga, maampu a shoti amatsika. Pa impidansi yomweyo ya 4% sangapose pafupifupi 7,200 ngakhale gwero litakhala lamphamvu chotani, ndipo kumathero kwa laini adzachepanso. Aki yake ingagwere pafupi ndi 3,000 paja tinatchera buleka, ndipo sitika yolembedwa 0.5 iyenera kumatulidwa tsiku lomwelo mpaka injiniya awerengenso.